Momwe mungalembere mawu oulula khodi imene mwatenga m'buku pa lipoti la ku labu

Ophunzira ambiri akatenga khodi m'buku amangolemba dzina la bukulo kumapeto kwa lipoti, pa mndandanda wa mabuku amene agwiritsa ntchito, n'kumaona ngati nkhani yatha. Koma dzina la buku kumapeto limangouza aphunzitsi kuti bukulo munalitsegula. Silinena kuti mwa mizere 60 ya pulogalamu yanu, ndi iti imene inachokera m'bukumo, ndi iti imene munaisintha, ndiponso ndi iti imene inatuluka m'mutu mwanu. Chimene mukufuna n'chakuti wochonga akaloza mzere uliwonse ndi cholembera, adziwe mwini wake popanda kukuitanani ku ofesi. Zimenezi zimatheka ndi zinthu zitatu zogwirizana: zizindikiro mkati mwa khodi, ndime imodzi mu lipoti, ndi dzina la buku lolembedwa mokwanira.

Titenge chitsanzo chimodzi ndipo tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mukuphunzira zamagetsi pa koleji ina kuno ku Salima, ndipo mwapatsidwa ntchito yoyesa ngati sensa ya LM35 ikuwerenga kutentha molondola. Sensa imeneyi inapangidwa kuti mphamvu yotuluka izikwera ndi 10 mV kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Mwaikulunga bwino kuti isalowe madzi, mwaiviika m'madzi pamodzi ndi themomita, ndipo mwayesa kasanu. Madzi ozizira a 10 °C munachita kuwagulira ayisi, poti madzi a pampopi kuno kunyanja mwezi wa Okutobala amatuluka ofunda kale. Pa 10, 20, 30, 40 ndi 50 °C sensa inapereka 104, 203, 305, 402 ndi 506 mV. Tsopano mukufuna mzere woongoka wodutsa bwino pakati pa manambala amenewa, ndipo m'buku la ku laibulale mwapezamo fankishoni yochita zimenezo.

Musanakopere, funsani

Choyamba ndi kudziwa ngati ntchitoyo ikulola kutenga khodi kwina. Kuulula gwero sikusandutsa chinthu choletsedwa kukhala chololedwa. Ngati cholinga cha labu ndi kuyesa sensa, aphunzitsi ambiri savutika kuti fankishoni yowerengera mzere yachokera m'buku. Koma ngati pepala la ntchito lanena kuti mulembe nokha fankishoniyo, ndiye kuti ngakhale muulule bwino chotani, mwapewa mlandu wa kuba koma malikisi a gawo limenelo simupeza. Werengani pepala la ntchito, ndipo ngati silikunena, funsani kamodzi momveka: "Aphunzitsi, fankishoni yowerengera mzere tikhoza kutenga m'buku ngati tanena kumene yachokera, kapena mukufuna tilembe tokha?" Yankho mulilembe m'kope lanu la ku labu pamodzi ndi tsiku.

Lembani za bukulo likadali m'manja

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo sikuti amakhala ndi mtima wakuba. Buku la ku laibulale limakhala limodzi, anthu olifuna ali kalasi yonse. Munthu amajambula tsamba limodzi pa foni kapena kuchititsa fotokope masamba atatu, bukulo n'kupita kwa wina. Usiku wolemba lipoti, ali ndi khodi koma sakudziwa wolemba, chaka, ngakhale dzina lenileni la buku. Amangoti "buku lobiriwira lija".

Choncho nthawi imene mukujambula tsamba la khodi, jambulaninso chikuto ndi tsamba la kuseri kwa mutu wa buku, lija limakhala ndi tizilembo ting'onoting'ono. Pamenepo mupezapo dzina la wolemba, kampani yosindikiza, chaka, edishoni ndi nambala ya ISBN. Kawirikawiri pamalembedwanso zimene eni buku amalola kuti anthu achite ndi khodi yawo. Kenako lembani mutu wa m'bukumo, nambala ya tsamba, ndi nambala ya chitsanzocho ngati chili nayo.

Edishoni musaisiye. Olemba amakonza zolakwika ndi kusuntha mitu akamasindikizanso buku, moti tsamba 112 la edishoni yachiwiri likhoza kukhala nkhani ina pa edishoni yachitatu. Ngati bukulo mwalilandira ngati PDF pa WhatsApp, samalaninso ndi nambala ya tsamba. Nambala imene foni imaonetsa imawerenga chikuto ndi masamba a mawu oyamba, choncho imasiyana ndi imene yasindikizidwa pakona pa tsamba. Lembani ya pakonayo, chifukwa ndi imene aphunzitsi angaipeze m'buku la pepala.

Nanga ngati muli ndi fotokope yopanda chikuto imene yakhala ikuyenda m'manja mwa ophunzira kwa zaka? Yang'anani pamwamba pa masamba, chifukwa mabuku ambiri amalembapo mutu wa buku kapena wa chaputala. Funsani woyang'anira laibulale, kapena tayipani chiganizo chimodzi cha m'tsambalo pa intaneti. Zikakanika, musapeke dzina la buku. Lembani zoona zake: kuti khodiyo yachokera pa fotokope ya masamba akutiakuti imene gwero lake simunalipeze, ndipo muphatike fotokopeyo kumapeto kwa lipoti.

Sungani khodi ya m'buku payokha

Tayipani khodiyo monga momwe ilili m'buku, osasintha kalikonse, ndipo muisunge mu fayilo yakeyake, tinene `buku.py`. Fayilo imeneyi musaikhudzenso. Kenako ikopereni mu fayilo yanu yogwirira ntchito, `sensa.py`, m'mene muzisinthiramo. Chifukwa chake n'chakuti pakatha masiku angapo mukulimbana ndi pulogalamu, simungakumbukire kuti munasintha pati. Muli ndi mafayilo awiriwa, kompyuta ikukumbutsani:

```
diff buku.py sensa.py
```

Lamulo limeneli ndi la pa Linux ndi pa Mac. Pa Windows, mu Command Prompt, lembani `fc buku.py sensa.py`. Zimene zituluke ndi mizere imene yasiyana, ndipo mndandanda umenewo ndiwo mudzalembere ndime yanu.

Ikani malire mkati mwa khodi

Mlimi wa mpunga ku dambo amadziwa pamene munda wake wathera chifukwa cha mzere wa malire, ndipo khodi nayo imafuna malire ooneka ndi maso. Ikani ndemanga pamene khodi ya m'buku yayambira ndi pamene yathera. Manambala a mutu ndi tsamba ali m'munsiwa ndi ongoyerekeza, inu muike a buku lanu:

```python
# CHIYAMBI: zochokera m'buku [1], mutu 5, tsamba 112
def fit_line(x, y):
    n = len(x)
    xm, ym = sum(x) / n, sum(y) / n
    sxy = sum((a - xm) * (b - ym) for a, b in zip(x, y))
    sxx = sum((a - xm) ** 2 for a in x)
    if sxx == 0:                        # ndawonjezera ine
        raise ValueError("x onse ndi ofanana")  # ndawonjezera ine
    m = sxy / sxx
    return m, ym - m * xm
# MATHERO a zochokera m'buku [1]
```

Ndemanga ya mathero ndi yofunika mofanana ndi ya chiyambi. Mukangolemba pamwamba pa fayilo kuti "zina zachokera m'buku", wochonga ali ndi njira ziwiri, ndipo zonse n'zoipa kwa inu. Akhoza kuganiza kuti fayilo yonse ndi ya m'buku, ntchito yanu n'kutayika, kapena kuganiza kuti mwabisa dala kukula kwa chimene mwatenga.

Onaninso mizere iwiri imene yalembedwa kuti "ndawonjezera ine". Inawonjezedwa chifukwa ngati manambala onse a `x` ali ofanana, mwachitsanzo mwayesa kasanu m'madzi a kutentha kumodzimodzi, `sxx` imakhala 0 ndipo pulogalamu imagwa poyesa kugawa ndi ziro. Kuona vuto limeneli ndi nzeru yanu, ndipo ndi pamene aphunzitsi angaonere kuti khodi munaimvetsa. Popanda chizindikiro, adzaiona ngati mbali ya buku.

Dzina la fankishoni ndi maina a zinthu za mkati mwake asiyeni momwe buku lalembera, pokhapokha pali chifukwa chenicheni. Pali chizolowezi chosintha `x` kukhala `kutentha` ndi `y` kukhala `mphamvu` pofuna kuti khodi ioneke yachilendo. Zimenezi sizisintha mwini wake. Mapulogalamu ofufuza kufanana kwa khodi, monga Moss imene inayamba mu 1994, anapangidwa kuti asapusitsidwe ndi kusintha maina kotereku, ndipo mphunzitsi amene wakhala akuphunzitsa ndi buku lomwelo amaizindikira khodiyo ndi maso okha. Choipa kwambiri n'chakuti maina osinthidwa popanda kuulula amaoneka ngati umboni wakuti munadziwa chimene mukuchita n'kufuna kuchibisa.

Sankhani mawu olondola pa chimene munachita

Musanalembe ndime, dzifunseni kuti munatenga motani, chifukwa mawu ake amasiyana. Ngati munatayipa momwe zilili, mawu ake ndi "ndakopera". Ngati munakopera n'kusintha zina, mawu ake ndi "ndatenga n'kusintha", ndipo mutchule zosinthazo chimodzichimodzi. Ngati munawerenga fomula ndi kufotokoza kwa m'buku, n'kulitseka, n'kulemba khodi nokha, nenani kuti njira yachokera m'buku koma khodi ndi yanu.

Pa mtundu wachitatuwu pamafunika kudziuza zoona. Ngati buku linali chitsegukire pambali pa laputopu ndipo maso amapitapita pa khodi yake, simunalembe nokha, munatenga n'kusintha. Chimodzimodzi ngati buku linalemba mu C inu n'kutembenuzira mu Python mzere ndi mzere. Chinenero chasintha, koma kamangidwe ndi ka wolemba buku, ndipo ndime yanu inene kuti munatembenuza. Mukakayika pakati pa mawu awiri, sankhani amene akupereka zambiri kwa buku. Mungataye pang'ono pa malikisi, koma palibe amene angakutsutseni.

Si chilichonse chofunika kuulula. Lupu ya `for`, kawerengedwe ka avareji, kapena `print` ndi zinthu za aliyense. Mukagwiritsa ntchito `numpy.polyfit(x, y, 1)` simunakopere khodi, mwagwiritsa ntchito chida, ndipo n'zokwanira kutchula NumPy ndi veshoni yake pa gawo la zipangizo. Kuika chizindikiro pa mzere uliwonse kumakwirira mizere yeniyeni imene imafunika kuoneka.

Ndime ya mu lipoti

Ndimeyi iikeni pa gawo lofotokoza njira imene munatsata, pamalo pamene mwayamba kutchula pulogalamu. Isapite kumapeto kwenikweni kumene wochonga amafika atapereka kale malikisi m'mutu mwake. Malipoti athu ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma pano ndailemba m'Chichewa kuti mfundo zake zioneke, ndipo inu muilembe m'chinenero cha lipoti lanu:

> Fankishoni ya `fit_line`, mizere 2 mpaka 10 ya fayilo ya `sensa.py`, ndaitenga m'buku [1], mutu 5, tsamba 112. Ndawonjezeramo mizere iwiri, wa 7 ndi wa 8, yoimitsa pulogalamu ngati manambala onse a `x` ali ofanana. Kupatula pamenepo sindinasinthe kalikonse. Khodi yowerenga manambala a sensa, yojambula girafu ndi yowerengera kusiyana kwa sensa ndi themomita ndalemba ndekha. Manambala onse a mu tebulo 1 ndi amene tinayesa ku labu.

Ziganizo zisanu zokha, koma chilichonse chikuyankha funso. Choyamba chikunena chimene mwatenga, pamene chili mu fayilo yanu ndi pamene chili m'buku. Chachiwiri ndi chachitatu zikunena zimene mwasintha ndi kutseka khomo kuti palibenso zina. Chachinayi chikunena zanu, ndipo ophunzira ambiri amachiiwala poopa kuoneka odzitama, chonsecho ndi chimene chimateteza malikisi awo. Chomaliza chikulekanitsa khodi ndi manambala, chifukwa mabuku amapereka khodi pamodzi ndi manambala achitsanzo, ndipo wochonga ayenera kudziwa kuti 104 ndi 506 aja anachokera m'beseni lanu la madzi.

Pewani mawu osamveka monga "ndathandizidwa ndi buku" kapena "mfundo zina zachokera m'mabuku osiyanasiyana". Mawu oterewa amamveka aulemu koma sauza munthu kanthu. Kupepesa sikufunikanso. Kugwiritsa ntchito khodi ya m'buku pamene mwaloledwa si tchimo, ndiye lembani monga mmene mumalembera kuti munagwiritsa ntchito themomita.

Ngati lipoti ndi la gulu, ndimeyi ilembedwe ndi "ife", ndipo aliyense aiwerenge asanaike dzina lake. Mnzanu akabweretsa khodi pa fulashi n'kunena kuti walemba yekha, mufunseni mwachindunji: "Aise, fankishoni iyi walembadi wekha kapena yachokera m'buku? Tiuze tilembe." Dzina lanu likakhala pachikuto, mlandu ukabuka ndi wa nonse.

Nambala ya [1] ija ikuloza ku mndandanda wa kumapeto. Kalembedwe ka IEEE, kamene anthu a zamagetsi ndi makompyuta amakonda, kamagwiritsa ntchito manambala otere motsata dongosolo limene mabuku atchulidwira mu lipoti, ndipo pa buku kamafuna wolemba, mutu wa buku, edishoni, mzinda, wosindikiza ndi chaka. Ka APA kamaika dzina la wolemba ndi chaka m'malo mwa nambala. Tsatirani kamene dipatimenti yanu imafuna, koma chizindikiro chimene chili mu khodi, mu ndime ndi pa mndandanda chikhale chimodzimodzi. Mukawonjezera buku lina kutsogolo, [1] akhoza kusanduka [2] mu lipoti pamene mu khodi akadali [1], ndipo kulakwitsa kumeneku kumachitika kawirikawiri.

Pamene ndimeyi imagwira ntchito yake

Tiwerengere chitsanzo chathu. Avareji ya kutentha ndi 30, ya mphamvu ndi 304. `sxy` imatuluka 10030, `sxx` imatuluka 1000. Choncho kupendekeka kwa mzere ndi 10.03 mV pa digiri, ndipo mzerewo ukuyambira pa 3.1 mV. Sensa ili pafupi kwambiri ndi 10 mV imene opanga analonjeza.

Tsopano tinene kuti mnzanu wa gulu lina, amene ali ndi manambala omwewa, wapeza 10 ndi 4. Anatenga fankishoni yomweyo koma anaitembenuzira pa Arduino, n'kusunga manambala onse ngati `int`. Mu C ndi C++, `int` akagawidwa ndi `int` zotsala zimatayidwa, moti 10030 kugawa ndi 1000 kumapereka 10, osati 10.03. Pa sensa iyi kusiyanako ndi kochepa, koma kupendekeka kukanakhala 1.9, kukanasanduka 1, ndipo zotsatira zonse zikanaonongeka. Ngati ndime yake ikunena kuti "ndatembenuza fankishoni ya pa tsamba 112 kuchoka mu Python kupita mu C++ ya Arduino", aphunzitsi adziwa nthawi yomweyo poyang'ana. Vuto silili mu sensa, silili m'buku, lili pa kutembenuza, ndipo kusintha `int` kukhala `float` kulikonza. Ngati sananene kanthu, aphunzitsi ayamba kukayikira mawaya, themomita, mwinanso kuganiza kuti manambala ndi opeka.

Nthawi zina cholakwika chimakhala cha buku lenilenilo, chifukwa mabuku nawo amasindikizidwa ndi zolakwika. Mukachipeza, chilembeni mu ndime: buku linalemba chakuti pa mzere wakuti, ine ndasintha kukhala chakuti chifukwa chakuti. Ndi bwinonso kuyesa fankishoni ya m'buku ndi manambala amene yankho lake mukulidziwa kale musanaikhulupirire. Ipatseni `x` wa 1, 2, 3 ndi `y` wa 2, 4, 6. Ikapanda kubweza 2 ndi 0, pali vuto, mwina m'buku, mwina pa kutayipa kwanu.

Kuulula gwero si chilolezo chofalitsa

Ndime yanu imathetsa nkhani ya kusukulu, yakuti simunanamize kuti ntchito ya wina ndi yanu. Koma pali nkhani ina ya umwini wa zolemba, imene kuno kwathu ili pansi pa lamulo la 2016 ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira. Kupereka lipoti kwa aphunzitsi n'kosiyana ndi kuika khodiyo pa GitHub kuti dziko lonse litenge. Mabuku ena amalola poyera, ena ayi. Chitsanzo chodziwika ndi Numerical Recipes, buku limene linatuluka koyamba mu 1986, lomwe khodi yake ili ndi laisensi yoletsa kuifalitsa mwachisawawa ngakhale mutatchula olemba ake. Musanaike ntchito ya ku labu pa intaneti pofuna kuonetsa olemba ntchito, bwererani ku chithunzi chija cha tsamba la tizilembo ting'onoting'ono. Ngati silikulola, chotsani fankishoniyo n'kusiya ndemanga yonena buku ndi tsamba, kapena ikani `numpy.polyfit` m'malo mwake.

Musanapereke

Manambala a mizere ndiwo amasokonekera kumapeto. Mukawonjezera `import` imodzi pamwamba pa fayilo, mizere 2 mpaka 10 imasanduka 3 mpaka 11, ndipo ndime yanu imayamba kuloza pena. Choncho ndimeyi muione komaliza, khodi itatha kusinthidwa. Yendetsaninso `diff` kuti mutsimikize kuti zosintha zimene mwatchula ndi zokhazo, ndipo ngati khodi mwaisindikiza pa pepala, onani kuti ndemanga za chiyambi ndi mathero sizinadulidwe.

Ngati mwapereka kale lipoti kenako n'kukumbukira kuti munasiya kutchula fankishoni ina, pitani kwa aphunzitsi asanabweze mapepala. Tengani ndime yokonzedwa, chithunzi cha tsamba la buku ndi fayilo ya `buku.py`, ndipo munene kuti: "Aphunzitsi, pa lipoti ndinapereka Lachiwiri lija sindinalembe kuti fankishoni iyi ndinaitenga m'buku ili. Ndabweretsa ndime yake kuti muiphatike." Zimene adzachite zimadalira malamulo a sukulu yanu, choncho funsaninso ngati akufuna mupereke lipoti lonse kachiwiri kapena tsamba limodzi lokhalo.